Talifi ndi VAT: misonkho iwiri pa katundu mmodzi

Amalonda anzanga, sabata ino tiyambe ndi nkhani yomwe yandipeza kangapo ndikamazungulira m'misika kufunsa mitengo. Mayi wina wogulitsa nsapato anandionetsa chidziwitso cha okhometsa msonkho chomwe mnzake anamutumizira pafoni. Chinali m'Chingerezi, ndipo mawu omwe anamuimitsa mutu anali akuti "tariff". Funso lake linali lachidule: "Kodi bambo, ameneyu si VAT yemweyu angomusintha dzina?"

Ayi mayi, si yemweyo. Ndipo amene amaganiza kuti ndi msonkho umodzi amakazindikira ali kale pachipata, katundu atatsitsidwa, ndalama m'chikwama zitaperewera.

Mawuwa ife timawatchula kuti talifi. Anachokera ku Chiarabu, komwe amatanthauza kudziwitsa. Inu amene mumapita ku Tanzania munamvapo mawu a Chiswahili akuti taarifa, otanthauza chidziwitso. Muzu wake ndi womwewo. Choncho poyambirira talifi ndi mndandanda wodziwitsa anthu ndalama zoyenera kulipira. N'chifukwa chake mumamvanso mawu omwewa pa wailesi akamanena za mitengo ya magetsi, madzi kapena yoimbira foni. Kumeneko sakunena za msonkho ayi, akungonena mndandanda wa mitengo. Koma mukawaona pa chidziwitso chokhudza katundu wolowa m'dziko, akutanthauza chimodzi mwa zinthu ziwiri: buku lalikulu momwe boma linalemba mtundu uliwonse wa katundu ndi peresenti ya msonkho wake, kapena msonkho weniweniwo womwe mumalipira pachipata, uja ambiri timangouti dyute.

Dyute amalipiridwa chifukwa chimodzi chokha: katundu wawoloka malire kulowa m'Malawi. Safunsa ngati mwagulitsa kapena ayi. Ngakhale nsapatozo zitakanyowa panjira, kapena kukhala m'katoni miyezi isanu osayenda malonda, dyute munalipira kale ndipo amalipiridwa kamodzi. Nsapato yosokedwa ku Ndirande siidziwa dyute, chifukwa siinawoloke chipata chilichonse.

Msonkho wa pogula zinthu ndi wina. Uwu umatsata malonda, osati malire. Kuno kwathu ndi VAT, yemwe lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2005 kulowa m'malo mwa msonkho wakale uja akuluakulu ankautcha setakisi. VAT alibe nazo ntchito kuti sopo wapangidwa ku Blantyre kapena ku Durban. Akagulitsidwa m'sitolo yolembetsedwa, peresenti yake ndi imodzimodzi. M'maiko ena, monga ku America, msonkho wa pogula amaudula kamodzi kokha, pomwe wogula womaliza akulipira pa kauntala. Wathu amadulidwa pa sitepe iliyonse yomwe katundu wadutsa m'manja mwa wamalonda wolembetsedwa, ndipo sitepe yoyamba ya katundu wakunja ndi pachipata. Apa ndi pomwe pamagona chisokonezo chonse: pachipata mumalipira misonkho yonse iwiri, pa tebulo limodzi, kwa bungwe limodzi la MRA, nthawi imodzi. Munthu amangoona chiwerengero chomaliza n'kunena kuti "ndalipira kasitomu", osadziwa kuti m'katimo muli nyama ziwiri zosiyana.

Tiwerengere limodzi

Tiyeni titenge ulendo umodzi n'kuuwerengera mpaka pamapeto. Manambala a mitengowa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, koma njira yowerengera ndi yeniyeni.

Tinene kuti mwapita ku Kariakoo ku Dar es Salaam n'kupikula mapeyala 200 a nsapato zapulasitiki zopangidwa ku China. Mukasintha ndalama yake kukhala makwacha, peyala iliyonse yakudyerani K5,000. Katundu yense ndi K1,000,000. Kumunyamula kuchoka ku Dar es Salaam kufika pachipata cha Songwe mwalipira K90,000, ndipo inshulansi yapanjira ndi K10,000.

Chinthu choyamba chomwe ambiri sadziwa n'chakuti dyute sawerengera pa ndalama yomwe ili pa lisiti la sitolo yokha. Amawerengera pa mtengo wa katundu atafika pakhomo la dziko, kutanthauza mtengo wogulira, kuphatikiza inshulansi, kuphatikizanso thilansipoti. Pa mapepala a kasitomu mtengo umenewu mudzauona utalembedwa ndi zilembo zitatu, CIF. Pa ulendo wathuwu ndi K1,100,000.

Tsopano ofisala amatsegula buku la talifi kuyang'ana mzere wa nsapato zapulasitiki. Tiyerekeze kuti wapeza 25 peresenti, womwe ndi mlingo wodziwika pa katundu wambiri wobwera atapangidwa kale. Peresenti imeneyi pa K1,100,000 ikutipatsa K275,000. Ameneyu ndiye dyute, ndiye talifi uja mayi wansapato ankafunsa.

Kenako pakubwera VAT. Tigwiritse ntchito 16.5 peresenti, mlingo womwe msonkhowu unakhalapo kwa zaka zambiri m'mbuyomu. Nduna ya zachuma ikausintha pa bajeti, inu mungochotsa nambalayi n'kuikapo yatsopano, njira yake siisintha. Koma taonani pomwe VAT amakhala. Sakhala pa K1,000,000 yomwe munagulira, sakhalanso pa K1,100,000. Amakhala pamwamba pa zonse, dyute yemwe ali momwemo. Ndiye kuti K1,100,000 kuphatikiza K275,000, zomwe ndi K1,375,000, ndipo 16.5 peresenti ya ndalama imeneyi ndi K226,875.

Misonkho iwiriyi pamodzi yakwana K501,875.

Tsopano ganizirani munthu amene ananyamuka ku Dar es Salaam akuganiza kuti talifi ndi VAT ndi chinthu chimodzi. Iye anapatula 16.5 peresenti ya K1,000,000, yomwe ndi K165,000, n'kuimanga pansonga ya chitenje. Wafika pa Songwe wapereweredwa K336,875. Katundu satuluka, basi siidikira, ndipo tsiku lililonse lomwe akugona pachipata akudya mpamba. Ena amafika poimbira foni a katapila ali pomwepo.

Palinso wina wochenjererapo, amene amadziwa kuti misonkho ndi iwiri. Iye amangophatikiza 25 ndi 16.5 n'kupeza 41.5 peresenti, napatula K415,000. Nayenso wapereweredwa K86,875, chifukwa waiwala thilansipoti ndi inshulansi, waiwalanso kuti VAT amakwera pamsana pa dyute. Kunena zoona, pa chitsanzo chathuchi msonkho wonse wapitirira pang'ono theka la ndalama yomwe munagulira katundu. Ine ndimauza anzanga kuti pa katundu wa dyute wa 25 peresenti, pa K100 iliyonse yomwe mwapereka m'sitolo kunja, sungani K50 ina ya pachipata, ndipo musaiyese yanu.

Pa pepala lomwelo mutha kupezanso mizere ina. Katundu wina, monga mowa, fodya ndi magalimoto, ali ndi msonkho wapadera wotchedwa ekisaizi, ndipo ukakhalapo umalowanso m'mulu womwe VAT amawerengerapo. Pamakhalanso tindalama tina ta mapepala ndi malipiro a ejenti wokutulutsirani katundu. Zimenezo tidzazikamba tsiku lina. Lero ndingoti pemphani kuti akuwerengereni mzere uliwonse pawokha, musamangolandira chiwerengero chapansi.

Tisanachoke pa masamuwa, timalize ulendo. Kuchoka pa Songwe kufika ku Lilongwe tinene kuti mwalipiranso K100,000. Zonse pamodzi, katundu, mayendedwe ndi misonkho, zakwana K1,701,875. Gawani ndi mapeyala 200, mupeza kuti peyala iliyonse yafika pa benchi yanu pa K8,509. Amene akukumbukirabe K5,000 ya ku Kariakoo n'kuika mtengo wa K8,000 akuganiza kuti akupha makwacha, pomwe pa peyala iliyonse akutaya K509, osawerengera chiphaso cha msika ndi nsima yamasana.

Mafunso awiri omwe VAT safunsa

VAT ndi wosavuta kumvetsa chifukwa mlingo wake waukulu ndi umodzi. Pali zinthu zina zomwe lamulo linazipatula, monga chimanga ndi zakudya zina zakumunda zosakonzedwa ku fakitale, koma zotsalazo peresenti ndi yomweyo, kaya ndi nsapato, kaya ndi ndowa, kaya ndi wailesi.

Talifi sali choncho. Iye amafunsa mafunso awiri asanakuuzeni peresenti: katunduyu ndi chiyani kwenikweni, ndipo anapangidwa kuti?

Funso loyamba limayankhidwa ndi nambala. Katundu aliyense wogulitsidwa pakati pa maiko ali ndi nambala yake, yomwe pa fomu imalembedwa kuti HS Code. Manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana pafupifupi dziko lonse lapansi, ndipo dziko lililonse limaonjezera ake kumapeto. Nsapato zili m'chigawo 64. Koma m'chigawomo zimagawidwanso potengera chomwe zapangidwira: za labala kapena pulasitiki pamwamba ndi pansi zimayamba ndi 6402, zachikopa pamwamba 6403, zansalu pamwamba 6404. Nsapato zovalidwa kale zobwera m'mabelo sizikhala n'komwe m'chigawo chimenechi. Zimapita limodzi ndi kaunjika pa 6309. Kwa inu zonsezi ndi nsapato basi. Kwa buku la talifi ndi mizere inayi, ndipo mzere uliwonse uli ndi malo akeake olembapo peresenti.

Ichi n'chifukwa chake chidziwitso cha talifi chimadzaza ndi manambala. Chikanena kuti msonkho wakwera pa mzere wakuti, musathamangire kukweza mitengo ya katundu yense kapena kusiya geni chifukwa cha mphekesera za m'minibasi. Tulutsani pepala lomwe munatulutsira katundu ulendo wathawu, muyang'ane nambala yomwe inalembedwapo, muifananize ndi ya pa chidziwitso. Ngati siikufanana, nkhaniyo si yanu. Ngati ikufanana, yang'anani tsiku lomwe kusinthako kukuyamba, chifukwa chomwe chimagwira ntchito ndi mlingo wa tsiku lomwe katundu akulembetsedwa ku kasitomu, osati tsiku lomwe munamugula kunja. Munthu atha kupikula katundu mlingo uli wakale, n'kufika pachipata utasintha.

Muonenso momwe peresentiyo yalembedwera. Nthawi zambiri ndi peresenti ya mtengo, monga tachitira pamwambapa. Koma talifi atha kulembedwanso ngati ndalama yoikika pa kilogalamu, pa lita kapena pa chinthu chimodzi, ndipo zikatero kutchipa kwa komwe munagula sikukuthandizani. Sikelo ndiyo imalankhula.

Funso lachiwiri ndi lomwe lagwetsa anthu ambiri, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Malawi ali m'mabungwe awiri a zamalonda, SADC ndi COMESA. M'mabungwe amenewa maiko anagwirizana kuchotserana kapena kutsitsirana dyute pa katundu wambiri wopangidwa m'maiko awo. Zambia ndi Zimbabwe ali m'mabungwe onse awiri monga ife. Tanzania, Mozambique ndi South Africa ali mu SADC koma mu COMESA mulibe. Ndiye wamalonda amamva kuti "katundu wa mu SADC alibe dyute", n'kukwera basi ya ku Joni kapena ya ku Dar es Salaam mtima uli m'malo.

Koma mawu ofunika ndi akuti wopangidwa, osati wogulidwa. Nsapato zathu zija tazigula ku Tanzania, inde, koma zinapangidwa ku China. Kwa buku la talifi ndi nsapato za ku China, ngakhale zitagona m'sitolo ya ku Kariakoo chaka chathunthu. Bulangete lopangidwa ku China lomwe mwagula ku Johannesburg ndi la ku China. Kulichotsa m'katoni yake n'kuliika m'thumba lina, kapena kumatapo chizindikiro chatsopano, sikulisandutsa la ku South Africa; malamulo a mabungwewa amanena momveka kuti kupakira ndi kumata zilembo si kupanga. Pamafunika kuti katunduyo alimidwe, akumbidwe kapena asinthidwe mokwanira m'dziko la membala.

Ndipo ngakhale katunduyo atapangidwadi ku Tanzania, pakamwa panu si umboni. Pamafunika satifiketi yosonyeza komwe anapangidwa, yomwe imachokera kumbali ya wogulitsa ndipo imadindidwa ndi akuluakulu a dziko lomwe katundu akuchokera. Imeneyi muyenera kuifunsa musanalipire, muli m'sitolo kapena ku fakitale komweko. Mukaikumbukira muli pa Songwe, mwachedwa.

Tione kusiyana kwake m'makwacha. Tiyerekeze kuti mapeyala 200 omwe aja, pa mtengo womwewo, anapangidwa ku fakitale ya ku Tanzania, satifiketi muli nayo, ndipo mzere wake pansi pa mgwirizano wa SADC uli pa ziro. Dyute palibe. Koma VAT alipo ndithu, chifukwa mgwirizanowo umachotsa talifi yekha. Ndi 16.5 peresenti ya K1,100,000, yomwe ndi K181,500. Poyerekeza ndi K501,875 ija, mwapulumutsa K320,375: dyute wa K275,000, kuphatikiza K45,375 ya VAT yemwe akanakwera pamsana pa dyuteyo. Pa peyala iliyonse ndi ndalama yoposa K1,600. Zikutanthauza kuti nsapato ya ku Tanzania yomwe ikudula ndi K1,000 kuposa ya ku China m'sitolo itha kufika pa benchi yanu ili yotchipa kuposa inzakeyo. Wopikula wanzeru amayerekeza mitengo itadutsa chipata, osati ili pa shelefu.

Apa ndichenjezenso amene amamva mawu oti "katundu wopanda dyute" n'kupita pachipata chimanjamanja. Kupanda dyute si kupanda msonkho. Ndaonapo anthu akukangana ndi ofisala mpaka thukuta, akuloza satifiketi yawo, pomwe ndalama yomwe akuuzidwayo ndi ya VAT, yemwe satifiketiyo siimukhudza n'komwe.

Kwa inu oyenda njira ya Mchinji kupita ku Chipata, COMESA ili ndi ndondomeko yofewetsera amalonda ang'onoang'ono yomwe pa zikwangwani imalembedwa kuti STR. Ngati katundu wanu ali pa mndandanda womwe maiko awiriwo anagwirizana, ndipo mtengo wake sunapitirire malire omwe anaikidwa, mumadzaza fomu yachidule ndi satifiketi yachidule pachipata pomwepo, osafuna ejenti. Funsani mndandandawo pa ofesi yothandiza amalonda pachipatapo musanawoloke kukagula. Koma lamulo lake ndi lomwe lija: chomwe chimachoka ndi dyute, misonkho ina yoyenera katunduyo imatsala.

Ndani amabwezeredwa, ndani sabwezeredwa

Kusiyana kwina kumaonekera katundu atafika kale m'tauni. Tiyerekeze kuti nsapato za ku China zija zaitanitsidwa ndi mwini holoselo wa ku Limbe amene analembetsa VAT. Pachipata walipira chimodzimodzi ndi inu: dyute K275,000 ndi VAT K226,875. Iye akugulitsa katundu yense pa K1,800,000, n'kuonjezerapo VAT wa K297,000 yemwe ogula akumupatsa. Pofika nthawi yopereka msonkho ku boma, sapereka K297,000 yonse. Amachotsapo K226,875 yomwe analipira kale pachipata, n'kupereka K70,125 yokha. Kwa iye VAT wa pachipata anali ngati ndalama yosungitsa, yabwerera.

Dyute sabwerera choncho. K275,000 ija yalowa mu mtengo wa katundu ngati momwe yalowera thilansipoti, ndipo njira yokha yoipezera ndi kuiika mu mtengo wogulitsira. N'chifukwa chake pa lisiti la m'sitolo mumaona mzere wa VAT utalembedwa poyera, koma simudzaonapo mzere wa talifi. Alimo, koma anabisala m'kati mwa mtengo. Kasitomala wogula nsapato ku Mitundu amalipira dyute wa pa Songwe osadziwa.

Nanga ife a pa benchi ndi m'maokala, amene malonda athu sanafike pa mlingo wolembetsa VAT? Kwa ife misonkho yonse iwiri ndi yosabwerera. Sitingachotse VAT wa pachipata paliponse, ndiponso lamulo silitilola kuuza kasitomala kuti "onjezerani VAT" pomwe sitinalembetse. Choncho zonse ziwiri ziyenera kulowa mu mtengo wa katundu tisanaikepo phindu, monga tinachitira popeza K8,509 ija. Wina anganene kuti ndiye kwa venda kusiyana kwake kulibe ntchito, popeza zonse ndi ndalama yotuluka. Ine ndikukana. VAT simungamuchepetse, ndi yemweyo kulikonse komwe mungapikule. Koma dyute mutha kumuchepetsa mwalamulo posankha komwe katundu anapangidwa ndi kusunga mapepala oyenera. Kudziwa kuti uyu ndi uti ndiye kudziwa pomwe mungakankhe.

Chidziwitso chikatuluka, msika umatani?

VAT akakwera, amakwera pa katundu yense wokhudzidwa, wakunja ndi wakuno yemwe, ndipo m'masitolo olembetsedwa mitengo imasintha kuyambira tsiku lomwe lamulo layamba, ngakhale pa katundu yemwe anali kale pa shelefu.

Talifi amayenda mwakachetechete. Tinene kuti mzere wina wakwera kuchoka pa 10 kufika pa 25 peresenti. Pa katundu wa K1,100,000, dyute waonjezekera ndi K165,000, ndipo VAT wokwera pamsana pake waonjezekera ndi K27,225, zonse K192,225. Koma ndalama imeneyi ikukhudza katundu yekhayo amene akulowa kuyambira tsikulo. Makatoni omwe ali kale m'nyumba yosungiramo katundu ya mwini holoselo, atatulutsidwa kale ku kasitomu, salipiranso kanthu. Ngati m'mawa mwake mwini holoselo wakweza mtengo n'kukuuzani kuti "ndi boma", dziwani kuti pa katundu ameneyo boma silinatengepo kanthu kena. Chomwe akuchita n'kuwerengera ndalama yomwe adzafune pokaodanso. Sindikumuda nazo, ndipo inunso muyenera kuganiza motero pa katundu wanu, chifukwa mukagulitsa pa mtengo wakale mpamba wanu sudzakwanira kudzaza benchi ulendo wamawa. Koma podziwa zimenezi muli ndi poyambira kunenerera, makamaka ngati mukutenga zambiri.

Chodabwitsa china n'chakuti katundu wopangidwa konkuno, yemwe talifi samukhudza, nayenso amakonda kukwera. Mnzake wakunja akadula, wopanga wakuno amapeza mpata wokweza wake pang'ono anthu n'kumagulabe. Ndipotu chimodzi mwa zolinga za talifi n'chimenecho: kupatula kupezera boma ndalama, amaikidwa kuti ateteze mafakitale ndi alimi akuno ku katundu wotchipa wakunja. N'chifukwa chake nthawi zambiri zipangizo zopangira zinthu zimakhala ndi dyute wotsika, pomwe katundu womalizidwa amakhala ndi wokwera. VAT alibe tsankho lotere.

Pomwe anthu amapunthwa pachipata

Popeza dyute amawerengeredwa pa mtengo, chiyeso chachikulu n'kupempha wogulitsa kuti alembe lisiti la mtengo wotsika. Ambiri amayesa zimenezi. Vuto n'lakuti ofisala sakakamizidwa kukhulupirira pepala lomwe likuoneka lokayikitsa. Amaona nsapato zamtundu womwewo zikudutsa tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo limamulola kukana mtengo wanu n'kugwiritsa ntchito wa katundu wofanana naye yemwe analowa posachedwa. Akapeza kuti munanama dala, pamabwera chindapusa, ndipo katundu atha kulandidwa. Choipa china n'chakuti amene munagula motchipadi, mwina chifukwa chonenerera bwino, mumavutika kutsimikiza ngati lisiti lanu ndi kapepala kolemba pamanja kopanda dzina la sitolo. Pemphani lisiti lokhala ndi dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo wa chimodzichimodzi, ndipo ngati munalipira kudzera pa foni kapena ku banki, sungani uthengawo. Sunganinso lisiti la thilansipoti.

Kumbukiraninso kuti lisiti lanu lili mu mashilingi, marandi kapena madola, ndipo a kasitomu amalisandutsa makwacha pogwiritsa ntchito mlingo wawo wosinthira ndalama wa nthawi imeneyo, osati womwe munasinthira inu kwa anyamata a pamsewu. Kwacha ikagwa, dyute ndi VAT wa pachipata amakwera m'makwacha ngakhale peresenti isanasinthe ngakhale pang'ono. Anthu amadandaula kuti talifi wakwera pomwe chakwera ndi dola.

Kupunthwa kwina ndi kwa nambala ija. Mukapatsa ejenti lisiti longolembedwa kuti "nsapato makatoni khumi", iye amasankha mzere mongoganiza. Akasankha wa peresenti yokwera, mwalipira zambiri popanda chifukwa. Akasankha wotsika molakwika ndipo pofufuza n'kupezeka kuti m'katoni muli zina, mlandu ndi wa mwini katundu, chifukwa dzina lomwe lili pa fomu ndi lanu. Muuzeni bwinobwino kuti ndi zapulasitiki, zachikopa kapena zansalu, zatsopano kapena zovalidwa kale, ndipo asanapereke fomuyo muione nokha nambala yomwe walemba. Ngati simukugwirizana ndi mtengo kapena mzere womwe ofisala waika, pemphani kuonana ndi mkulu wa pachipatapo ndipo dandaulo lanu mulilembe papepala. Kukalipa pawindo sikusintha nambala.

Pomaliza penipeni, pepala lomwe mwalandira mutalipira musalitaye mukangodutsa geti. M'njira muli malo ofufuzira katundu, ndipo pepalalo ndilo umboni woti makatoni anu sanazembe. Lidzakuthandizaninso ulendo wotsatira: pamenepo pali nambala ya katundu wanu, peresenti ya dyute ndi ya VAT, aliyense pa mzere wake. Mayi wansapato uja titayang'ana pepala lake la ulendo wapitawo tinapeza kuti nsapato zake zinalembedwa pa 6402, pomwe chidziwitso chomwe chinamusowetsa tulo chinkanena za katundu wa chigawo china. Anapinda pepalalo, nalibwezera m'chikwama, n'kundifunsa ngati ndikudziwa fakitale ya nsapato ku Tanzania yomwe imapereka satifiketi.